Lita Imodzi ya Dizilo Igwira Ntchito ya Mayuniti Angati a Magetsi?

M'chaka cha 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, angapo mwa inu amene munaphunzira pano munayamba kulingalira zogula injini ya dizilo. Mmodzi wa iwo, amene ali ndi chigayo cha magetsi, anatibweretsera pepala la masamu ake. Chigayo chake chimadya mayuniti 40 pa tsiku la ntchito. Iye anawerenga kuti lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu yofanana ndi mayuniti 10, motero anaona kuti malita 4 okha adzamukwanira tsiku lonse. Masamuwo analibe cholakwa m'kugawa kwake, koma akanagula injini podalira yankho limenelo, mtengo umene amalipiritsa pogaya sukanabweza ndalama za mafuta. Tiyeni titsate masamuwo kuyambira pachiyambi kuti tione pamene njira inasokera.

Magetsi timagula ndi mayuniti, dizilo ndi malita, makala ndi matumba. Miyeso itatuyi singayerekezedwe mwachindunji, monga momwe simungayerekeze chitini cha mtedza ndi mtolo wa nzimbe musanaziike pasikelo. Sikelo ya mphamvu ndiyo julu. Julu imodzi ndi kamphamvu kochepa kwambiri, choncho pa ntchito za pafamu timawerenga megajulu, ndiwo majulu miliyoni imodzi, ndipo polemba timafupikitsa kuti MJ.

Yuniti imene mita yanu imawerenga dzina lake lenileni ndi kilowati-awa, ndipo pamitapo pamalembedwa kWh. Tanthauzo lake ndi mphamvu imene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya chikayaka ola lathunthu. Wati imodzi ndi julu imodzi pa sekondi iliyonse. Chipangizo cha mawati 1,000 chimadya majulu 1,000 pa sekondi, ndipo mu ola limodzi muli masekondi 3,600. Tikachulukitsa 1,000 ndi 3,600 tipeza majulu 3,600,000, ndiwo megajulu 3.6.

1 kWh = 3.6 MJ

Nambala imeneyi siisintha ndi dera, nyengo kapena mtundu wa mita, popeza imachokera m'kutalika kwa ola. Pochoka ku mayuniti kupita ku megajulu, chulukitsani ndi 3.6, pobwerera, gawani ndi 3.6. M'kalasi taona kawirikawiri ophunzira akugawa pamene anayenera kuchulukitsa. Kuzindikira kwake n'kosavuta: megajulu ndi muyeso waung'ono kuposa yuniti, choncho nambala ya megajulu iyenera kukhala yaikulu nthawi zonse. Ngati mayuniti 40 akupatsani megajulu 11, mwatembenuza masamu. Yankho loona ndi 144.

Tsopano dizilo. Lita imodzi ikapsa yonse imatulutsa kutentha kwa megajulu pafupifupi 36. Tigawe 36 ndi 3.6, tipeza 10. Apa ndi pamene mnzathu wa chigayo anapeza mayuniti ake 10, ndipo sananame. Megajulu 144 kugawa ndi 36 ndi malita 4 ndithu.

Cholakwa chili m'funso limene masamuwo anayankha. Iwo anayankha kuti mphamvu yolowa m'makina ndi yochuluka bwanji. Koma chimanga sichigayidwa ndi mphamvu yolowa. Chimagayidwa ndi mphamvu imene yafika pa shafiti ndi kuzunguza nyundo za chigayo. Pakati pa thanki ndi shafiti pamatayika zambiri, ndipo aliyense amene anaimapo pafupi ndi injini ya dizilo anaziona zotayikazo ndi maso ake. Paipi ya utsi imatentha mwakuti simungaikhudze. Madzi oziziritsa injini amafuka nthunzi, ndipo pa injini zina amachita kuwira. Kutentha konseko ndi dizilo amene munagula ndi ndalama zanu, koma sanagaye ngakhale njere imodzi. Injini yaing'ono ya dizilo, ngati zimene timaona pa zigayo ndi pa mapampu, ikakhala bwino imasandutsa magawo pafupifupi 30 mwa magawo 100 alionse a mphamvu ya mafuta kukhala ntchito. Uku si kuwonongeka kwa injini ayi. Ndi mmene injini iliyonse yotentha mafuta ilili, ngakhale yatsopano yochokera m'sitolo.

Mota ya magetsi ndi yosiyana. Siyamba yasandutsa mphamvu kukhala moto, choncho imataya pang'ono chabe, ndipo n'chifukwa chake imangofunda osati kutentha ngati injini. Mota ya chigayo imapereka ku shafiti magawo pafupifupi 90 mwa 100.

Tibwerezenso masamu a mnzathu, koma tsopano tiwerenge mphamvu yofika pa shafiti. Mayuniti 40 ndi megajulu 144. Mwa izi mota ipereka magawo 90 mwa 100, ndiwo megajulu 129.6. Imeneyi ndiyo ntchito yeniyeni ya tsiku lake, ndipo injini ya dizilo iyenera kugwira yomweyo ngati matumba ogayidwa akhale ofanana. Lita imodzi ili ndi megajulu 36, koma zofika pa shafiti ndi magawo 30 mwa 100, ndiwo megajulu 10.8. Tigawe 129.6 ndi 10.8, tipeza malita 12.

Malita 12, osati 4. Kunena kwina, lita imodzi ya dizilo pa chigayo imagwira ntchito ya mayuniti atatu ndi pang'ono, osati khumi.

Tiike ndalama pamenepa. Mitengo imasintha, choncho tingoyerekeza kuti lita ili pa K30. Inu muikepo mtengo wa pampu ya kwanu lero. Mnzathu anayembekeza kuwononga K120 pa tsiku, pamene zoona zake ndi K360. Tikagawa K360 ndi mayuniti 40 amene dizilo walowa m'malo mwake, tiona kuti ntchito ya yuniti iliyonse ikumudyera K9. Nambala imeneyi ndiyo ayenera kuiika pambali pa mtengo umene amagulira yuniti ya magetsi, ndipo tisanawerengere oilo, zosefera ndi malamba. Sitikunena kuti asagule injini. Chigayo choima tsiku lonse sichibweretsa ngwee, ndipo makasitomala akazolowera chigayo china sabwerera msanga. Koma amene akugula injini adziwiretu kuti mtengo wogayira chitini chimodzi pa masiku a dizilo sungafanane ndi wa masiku a magetsi.

Ena amasankha kusunga mota yawo ndi kugula jenereta. Pamenepo mphamvu imadutsa makomo atatu, injini, jenereta ndi mota, ndipo pakhomo lililonse imasiyako kanthu. Jenereta ya dizilo ikanyamula katundu woyenera kukula kwake imatulutsa mayuniti pafupifupi 3 pa lita imodzi, motero mayuniti 40 afuna malita oposa 13. Ikakhala yaikulu koma katundu wochepa, mayuniti a pa lita amatsika kwambiri, chifukwa injini imamwabe mafuta ongodzizunguza yokha. Kuyatsa jenereta ya chigayo pofuna kuunikira nyumba ndi kutchaja mafoni n'kuwononga mafuta.

Nambala 30 ndi 90 zimene tagwiritsa ntchito ndi zapafupifupi, zothandiza musanagule. Makina akakhala anu kale, yezani nokha. Ku magetsi, lembani chimene mita ikuonetsa musanayambe kugaya ndi pamene mwamaliza, zinthu zina zonse za pa mita yomweyo zili zozima, ndipo muwerenge matumba a makilogalamu 50 amene agayidwa. Musatenge nambala yolembedwa pa kachitsulo ka mota n'kuiyesa mayuniti. Pakalembedwa 15 kW, akunena kukula kwa mphamvu imene mota ingapereke pa nthawi imodzi, osati imene yadya. Kilowati ili ngati kukula kwa paipi, pamene kilowati-awa ili ngati madzi amene alowa m'mgolo. Popanda kudziwa maola ndi kulemera kwa katundu, simungasandutse kilowati kukhala megajulu. Ku dizilo, dzazani thanki mpaka pakamwa, gayani, kenaka mudzazenso ndi chigubu chodziwika muyeso wake. Zimene mwaonjezera ndizo zapsa.

Mukagawa malita ndi matumba, ndi mayuniti ndi matumba, mudzakhala ndi nambala ziwiri zochokera m'chigayo chanu chenicheni. Chimanga chikhale chouma mofanana ndipo sefa ikhale imodzimodzi, apo ayi mukuyerekeza ntchito ziwiri zosiyana. Ngati lita imodzi ikugwira ntchito ya mayuniti awiri okha kapena kucheperapo, mphamvu ikutayikira kwina. Yambani ndi utsi: wakuda ukusonyeza kuti mafuta sakupsa onse, kawirikawiri chifukwa chosefera mpweya chatsekeka ndi fumbi la ufa, kapena injini yalemedwa kuposa mphamvu yake. Kenaka khudzani lamba injini itazima. Akakhala wotentha ndi wonyezimira, ndiye kuti akuterereka.

Zonsezi zikukhudza ntchito yozunguza makina. Ntchito ikakhala yotenthetsa, 3.6 imakhala yomweyo koma yankho limasintha, chifukwa kutentha kumene kunali kotayika pa chigayo tsopano ndiko kukufunidwa. Titenge chipinda cha anapiye. Hita ya magetsi imasandutsa yuniti yonse kukhala kutentha, megajulu 3.6 osaposa apo. Kilogalamu imodzi ya makala abwino ouma ili ndi megajulu pafupifupi 29, ndiwo mayuniti 8, ndipo mbaula ikakhala m'kati mwa chipinda kutentha kwake kochuluka kumatsalira momwemo. Apa kuyerekeza kwachindunji, kumene kunasokeretsa mnzathu pa chigayo, kumafika pafupi ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake alimi ambiri a nkhuku amapeza kuti mbaula ndi yotsika mtengo. Komabe mayuniti 8 amenewo simuwapeza onse. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha, choncho chipinda chiyenera kukhala ndi mipata yopitira mphepo, ndipo mphepoyo imatuluka ndi gawo la kutentha. Amene amatseka mipata yonse ndi masaka pofuna kusunga makala angataye anapiye usiku umodzi, ndipo wogona m'chipindamo kuwalondera ali pangozi yomweyo.

Makala muwaike pasikelo musanawerenge. Thumba si muyeso, popeza matumba awiri ooneka ofanana amasiyana kulemera malinga ndi mtengo umene unaotchedwa, ndipo makala ogulidwa m'dzinja amalemera ndi madzi amene alibe megajulu ngakhale imodzi. Ayanikeni kaye, muwayeze, kenaka muchulukitse makilogalamu ndi 29 ndi kugawa ndi 3.6.