Kalata ya komiti ya msika yopempha mabini: tiilemba bwanji?

Anzanga a Fomu 3 ndi 4, kalata yantchito tonse timayidziwa mafupa ake: keyala, tsiku, malonje, mutu. Pamene ambiri timagwa ndi pa thunthu. Lero titenge nkhani ya pafupi. Tiyerekeze kuti komiti ya ochita malonda pa msika wina wa m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia yakutumani kuti mulembe kalata yopempha mabini akuluakulu achitsulo, aja amanyamulidwa ndi galimoto athunthu, ena amati masikipi.

Choyamba, kalatayi ikupita kwa ndani? Ku Zomba kuli makhonsolo awiri. Khonsolo ya mzinda imayang'anira m'tauni, pomwe misika ya kuno ku Domasi, monga wa pa Songani, ili pansi pa khonsolo ya boma la Zomba, imene mkulu wake ndi Bwanamkubwa, yemwe timangoti a DC. Mukalembera ku khonsolo ya mzinda, kalata yanu yasochera isanawerengedwe n'komwe. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka ku makhonsolo ntchito yoyang'anira misika ndi kuchotsa zinyalala, ndipo khonsolo yomweyo ndiyo imatolera ndalama za ziphaso kwa ogulitsa. Ndiye komiti sikupempha chifundo ayi, ikukumbutsa mwaulemu ntchito imene eni ake akuidziwa kale.

Tsopano pamtima pa nkhani. Kalata zambiri zimangoti "tikupempha mabini", basi. Koma bini lopanda wodzakhuthula ndi dzala lomwelo, kungoti lili m'chitsulo. Likadzaza, anthu amayamba kutaya m'mbali, agalu ndi mbuzi amamwaza, ndipo mvula ikagwa madzi akuda onunkha amatsikira m'ngalande. Choncho pempho lenileni ndi la zinthu ziwiri zosalekanitsika: mabini angati, ndipo azikhuthulidwa masiku ati. Kuti muyankhe zimenezi, komiti iyenera kuyamba yawerenga zinyalala zake.

Kuwerengako sikufuna sikelo. Osesa azingolemba wilibala zimene ataya tsiku lililonse kwa sabata imodzi. Wilibala wamba imalowa malita pafupifupi 65. Tikatenga bini la makiyubiki mita 6, amenewo ndi malita 6,000, ndiye limadzaza ndi wilibala pafupifupi 90. Nambala zotsatirazi ndi zophunzirira chabe. Tinene kuti msika waukulu umachitika Lachiwiri ndi Loweruka, ndipo tsiku lililonse la msika pamatuluka wilibala 60, pomwe masiku ena asanu aja pamatuluka 20 patsiku. Pasabata ndiye 120 kuphatikiza 100, zonse 220.

Onani bwino apa. Mabini awiri okhuthulidwa kamodzi pasabata amangolandira wilibala 180, ndiye 40 zitsala pansi. Bini limodzi lokhuthulidwa kawiri ndi chimodzimodzi, 180. Koma mabini awiri okhuthulidwa Lolemba ndi Lachinayi m'mawa akwana: kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu mulowa wilibala 100, ndipo kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu mulowa 120. Malo otsalawo sapita pachabe, adzathandiza nyengo ya mango ndi chimanga chachiwisi, pamene makoko amachuluka. Mwaona, masamu a Fomu 1 aja alowa m'kalata ya Chichewa.

Mukalemba keyala ya komiti ndi tsiku, kenako keyala ya Bwanamkubwa, pansi pake onjezani "Kudzera kwa: Mkulu woyang'anira msika". Iyeyu ndi wantchito wa khonsolo, ndipo mukamudumpha kalata idzabwereranso kwa iye kuti aikepo ndemanga. Kalatayo ipitirire motere:

Bwana,

PEMPHO LA MABINI AWIRI AKULUAKULU NDI NDONDOMEKO YOWAKHUTHULIRA

Ife a komiti ya ochita malonda pa msika uno tikupempha khonsolo kuti itipatse mabini awiri akuluakulu achitsulo, ndi kuti azikhuthulidwa Lolemba ndi Lachinayi m'mawa sabata iliyonse.

Titawerenga kwa sabata imodzi tidapeza kuti pamsika pano pamatuluka zinyalala zokwana wilibala 220. Dzenje lomwe timatayamo ladzaza, ndipo lili pafupi ndi ogulitsa usipa ndi zitumbuwa. Bini limodzi silingakwane chifukwa pakati pa Lachinayi ndi Lamulungu pokha pamatuluka wilibala 120. Tikuopa matenda otsegula m'mimba mvula ikayamba.

Ifeyo tapeza malo kumbali ya msewu, patali ndi mjigo ndi ogulitsa zakudya, pomwe galimoto ingathe kulowa chobwerera m'mbuyo. Tikulonjeza kusesa mozungulira mabiniwo, kuletsa kuyatsamo moto, ndi kupatula zinyalala zowola kuti zikhale manyowa. Ngati galimoto yonyamula mabini otere palibe, tivomera thirakitala ndi ngolo pa masiku omwewo.

Tikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 21, kapena mutiuze tsiku loti tidzakumane nanu.

Ine wanu,
(saini ndi dzina)
Wapampando, m'malo mwa komiti

Tiyeni tiiwunike pang'ono. Pempho lili m'chiganizo choyamba penipeni. Kalata yantchito siyamba ndi "muli bwanji kumeneko, ife kuno tili bwino". Zimenezo musungire agogo. Wowerenga ali ndi mulu wa mapepala patebulo, ndipo akawerenga mutu ndi ndime yoyamba ayenera kudziwa kale kuti autumize ku ofesi iti.

Ndime yachitatu ija ndi imene ine ndimaikonda, ngakhale ophunzira ambiri amaiiwala. Bini lotere silinyamulika ndi manja, limafuna galimoto yake yokhala ndi mikono ndi matcheni. Mukaliika mkati mwa mabenchi pomwe galimoto singafike, lidzakhala pomwepo mpaka dzimbiri. Moto nawo umawononga chitsulo, ndipo ndi chizindikiro choti bini lakhalitsa osakhuthulidwa, anthu atopa nalo. Chiganizo cha thirakitala chili ndi ntchito yake: chimatseka njira ya yankho lachidule loti "galimoto tilibe".

Za matenda, musakokomeze. Mawu oti "tonse tifa" sathandiza. Ngati mukufuna umboni, ulipo weniweni: kolera amene adayamba m'mwezi wa Malichi 2022 m'boma la Machinga, loyandikana nalo lathuli, adafalikira dziko lonse ndipo adapha anthu oposa 1,700. Chiganizo chimodzi chotero n'chokwanira. Chimodzimodzi nkhani ya ziphaso. Mutha kulemba kuti ogulitsa amalipira tsiku lililonse, koma mukangoti "ndalama zathu mukudya", mwaneneza munthu popanda umboni, ndipo kukambirana kudzasanduka kwa mawu amenewo, osati kwa mabini. Kuopseza kuti musiya kudula ziphaso nakonso si kwa kalata yoyamba.

Pansi pa saini lembani amene mwawapatsa kope: khansala wa dera, komiti ya chitukuko ya ADC, Mfumu Yaikulu Malemia ndi mlangizi wa zaumoyo. Khansala ndi amene angaidzutse nkhaniyi pa msonkhano wa khonsolo. Popereka kalata mutenge makope awiri, ndipo mupemphe kuti lanu alidinde chidindo cha tsiku lomwe alandira. Masiku 21 aja amawerengedwa kuyambira pa chidindocho. Akadutsa kuli zii, kalata yachiwiri ikhale yaifupi: itchule tsiku la yoyamba ija, ibwereze pempho, ndipo mumatepo kope lodindidwalo.

Amene akufuna kuyesera, nayi ntchito. Komiti yomweyi yayamba kupatula zowola, ndipo zopita m'bini zatsika kufika theka: wilibala 30 tsiku la msika, 10 masiku enawo. Kodi pakufunikabe mabini awiri? Werengetsani, kenako lembaninso ndime yoyamba ndi yachiwiri.