Za Kulumikiza ndi Kulekanitsa Mawu Pokonza Zolembedwa

Ambiri a inu mumapatsidwa makalata, zidziwitso ndi nkhani za misonkhano kuti muziwerenge ndi kuzikonza zisanatumizidwe. Cholakwa chimene chimachuluka m'zolembedwa zotere ndicho kudula mneni pakati, kapena kumata pamodzi mawu amene ayenera kukhala patalipatali. Phunziro la mwezi uno likhala pa chinthu chimenechi. Lamulo lake lalikulu ndi ili: mneni ndi liwu limodzi, kuyambira pa kachigawo koloza wochita kufikira pa mapeto a tsinde.

Kalembedwe kameneka si katsopano. Buku Lopatulika la 1922 linalumikiza kale aneni ake chotere. Chichewa chitakhala chiyankhulo cha fuko m'chaka cha 1968, boma linakhazikitsa bungwe la Chichewa Board mu 1972, ndipo bungwelo linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Mitundu ina inasankha njira ina. Asutu amalemba "ke a mo rata" m'mawu anayi, pamene Azulu amalemba ganizo lomwelo m'liwu limodzi, "ngiyamthanda". Ife tili pa njira ya Azulu, pakuti timalemba "ndimamukonda".

1. Ziwalo za mneni

Tiyeni titenge liwu lakuti "ndinamuona" ndi kuliphwanya motere: ndi-na-mu-ona. Kachigawo koyamba, ndi-, kakuloza wochita, amene m'sukulu amatchedwa mwininkhani. Kachiwiri, -na-, kakunena nthawi. Kachitatu, -mu-, kakuloza wochitiridwa, ndiye pamtherankhani. Chotsiriza, -ona, ndilo tsinde la mneni. Ziwalozi zimatsatana mwa dongosolo lomweli nthawi zonse, ndipo tikafuna kukana timaika si- patsogolo pa zonse, monga mu "sindinamuone". Kuno kwathu ambiri amati "ndidamuona". Lamulo la kulumikiza ndi lomwelo.

Timizere timene ndaika pakati pa ziwalozo ndi tophunzitsira chabe. M'kalata kapena m'chidziwitso musatisiyemo.

Mwina wina afunsa, tidziwa bwanji kuti ziwalozi si mawu paokha? Yesani mayeso awiri. Poyamba, funsani ngati kachigawoko kangathe kuyankha funso pakokha. Munthu akakufunsani, "Munaona yani?" simungayankhe kuti "Mu", koma muyankha kuti "Iye". Chotero "iye" ndi liwu loima palokha, koma -mu- ndi chiwalo chabe. Kachiwiri, yesani kulowetsa liwu lina pakati. Tingathe kunena "ine dzulo ndinamuona", pakuti "ine" ndi "ndinamuona" ndi mawu awiri. Koma palibe Mchewa anganene "ndi dzulo namuona". Pamene sipangalowe liwu lina, pamenepo musasiyepo mpata.

Taonani kuopsa kwa kudula. Wolemba akalemba "ana pita kumunda", wowerenga ayamba kuganiza za ana, pamene nkhani inali ya munthu wamkulu amene anapita. Diso likhumudwa, ndipo wowerenga pamaso pa anthu achita chibwibwi ndi kubwereza.

2. Tizigawo tofanana maonekedwe

Chimene chimasokoneza okonza ambiri ndi chakuti tizigawo tina ta mneni timafanana ndi mawu ena oima paokha. Pano mankhwala ndi amodzi: yang'anani chimene chikutsatira. Chikatsatira ndi tsinde la mneni, lumikizani. Chikatsatira ndi dzina, imani ndi kuganiza.

Tiyambe ndi "ndi". Mu "ndikupita" ndi mu "ndipatseni" kachigawoka kakutanthauza ine, chotero kalumikizidwa. Koma mu "uyu ndi mphunzitsi", kapena mu "anabwera ndi khasu", tanthauzo la ine mulibe, ndipo "ndi" aima payekha. Muyese poikapo "ife": "ndikupita" asanduka "tikupita", koma "anabwera ti khasu" si Chichewa. "Ndi" amene angasinthane ndi ti- ndiye wa mneni. Chimodzimodzi timalemba "ali ndi mbuzi" m'mawu atatu, ndi "si mbuzi" m'mawu awiri, koma "sanabwere" m'liwu limodzi.

Tsono pali wa, cha, ya, za ndi anzake. Awa amaonetsa umwini, monga "mwana wa mfumu", "chimanga cha agogo", "mbuzi za amalume". Pamenepo aima paokha, pakuti dzina likutsatira. Koma tizigawo tomweti timayambanso mneni wonena chinthu chimene chachitika kumene: "mwana wagwa", "chimanga chacha", "mbuzi zathawa". Apa mayeso ndi kufunsa kuti "za yani?" Pa "mbuzi za amalume" funsolo liyankhika. Pa "mbuzi za thawa" liyankhika pokhapokha ngati pali munthu dzina lake Thawa. Ngati palibe, lumikizani.

Wovuta koposa onse ndi "ku", pakuti ali ndi ntchito zinayi. Amaloza malo, monga "ku Dedza", ndipo patsogolo pa dzina la malo lotere timamulekanitsa. Amayamba mneni wopanda mwini, monga "kulima". Amanena nthawi ino, monga "tikulima". Amalozanso iwe kapena inu ngati wochitiridwa, monga "ndinakuona". Chifukwa cha ichi "ku" angathe kubwera kawiri motsatana popanda cholakwa. "Ndikukuona" ndi ndi-ku-ku-ona: woyamba ndi wa nthawi, wachiwiri ndi iwe. Wokonza wofulumira amayesa kuti dzanja la wolemba linabwereza mwangozi, nafafaniza mmodzi. Koma akatero wachotsa munthu m'chiganizo. Ndipo ngati tsinde lomwe liyamba ndi ku, adzakhala atatu, monga mu "ndikukukumbutsa".

3. Pamene tiyenera kulekanitsa

Ena akamva lamulo la kulumikiza amapyola muyeso, namata aneni awiri pamodzi. Njira yodzitetezera ndiyo kuwerenga tizigawo ta mwininkhani. Mneni aliyense ali ndi kamodzi kokha, chotero kakaonekanso kachiwiri, liwu latsopano layamba. Mu "tinali titadya", ti- akuoneka kawiri, chotero mawu ndi awiri. Mayeso a kulowetsa liwu avomereza, pakuti tingathe kunena "tinali tonse titadya".

Chimodzimodzi "ku" woyamba mneni wopanda mwini amayamba liwu latsopano: "ndikufuna kupita", "anayamba kulira". Kachigawo ka wochitiridwa kakakhalapo, kamalowa pakati pa "ku" ndi tsinde, ndipo zonse zikhala liwu limodzi: "ndikufuna kumuona", "anakana kuwathandiza".

Dzina la wochita kapena la wochitiridwa silimatidwa ku mneni, ngakhale kachigawo kake kali m'kati mwa mneniyo. Timalemba "anyani anachidya chimanga". Kachigawo -chi- kali m'kati, dzina "chimanga" lili panja.

4. Chitsanzo cha kukonza

Nayi kalata yaifupi yophunzirirapo, yolembedwa monga amalembera ambiri:

"Abambo ana pita ku Dedza dzulo ndingolo ya mbatata. Lero tamva kuti ngolo ya thyoka pa Bembeke ndipo ng'ombe za thawa. Amfumu analiatatiuza kuti ti wa perekeze, koma sitina wa mvere. Ana anu akukumbukirani."

Muyambe ndi kufuna tsinde la mneni aliyense ndi kulilemba mzere kunsi ndi pensulo. Kuchokera pa tsindelo bwererani kumanzere kufikira mutapeza kachigawo ka mwininkhani, ndipo tsekani mipata yonse imene mwadutsa.

M'chiganizo choyamba tsinde ndi -pita. Kumanzere kwake kuli -na- wa nthawi, kenaka a- woloza abambo. Chotero tilemba "anapita". "Ku Dedza" akhale monga alili. "Ndingolo" alibe tsinde la mneni, ndipo sitinganene "tingolo" m'malo mwake osasintha nkhani. Chotero tilekanitsa, "ndi ngolo". "Ya mbatata" ali bwino, pakuti mbatata ndi dzina.

M'chiganizo chachiwiri "tamva" ali bwino. Taonani tsono kuti "ya" wabweranso, koma womutsatira ndi tsinde -thyoka, chotero tilemba "yathyoka". Liwu lomwelo talilekanitsa pamwamba, pano talilumikiza, ndipo chatiweruzira ndi chotsatira chake. "Za thawa" asanduka "zathawa".

M'chiganizo chachitatu, "analiatatiuza" ali ndi a- wa mwininkhani kawiri, chotero tidula: "anali atatiuza". Ti- amene ali m'kati mwa "atatiuza" asakunyengeni. Iye ndi wochitiridwa, ndife amene tinauzidwa, ndipo malo ake ndi pafupi ndi tsinde. "Ti wa perekeze" akhala "tiwaperekeze", ndipo "sitina wa mvere" akhala "sitinawamvere". "Wa" wa apa si wa umwini, koma akuloza abambo ndi amfumu.

Chiganizo chachinayi ndicho chotiphunzitsa malire a ntchito yathu. "Akukumbukirani" ndi Chichewa chabwino ngati wolemba afuna kunena kuti anawo akumbukira kale makolo awo. Koma ngati afuna kunena kuti kukumbukirako kukuchitika tsopano lino, pasowa "ku" mmodzi, ndipo liwu liyenera kukhala "akukukumbukirani". Lamulo la kulumikiza silingathe kuweruza mlandu uwu. Wokonza asaonjezere kapena kuchotsa mwa nzeru zake zokha. Aike chizindikiro m'mbali mwa pepala, nafunse mwini kalata.

Titakonza, kalatayo ikhala chotere:

"Abambo anapita ku Dedza dzulo ndi ngolo ya mbatata. Lero tamva kuti ngolo yathyoka pa Bembeke ndipo ng'ombe zathawa. Amfumu anali atatiuza kuti tiwaperekeze, koma sitinawamvere. Ana anu akukumbukirani."

5. Ntchito yochita kunyumba

Pokonza, werengani pepala kawiri: koyamba kuti mumve nkhani, kachiwiri kuti muyang'ane aneni okha. Pamene pafunika kulumikiza, jambulani kauta kogwirizanitsa zigawo ziwirizo. Pamene pafunika kulekanitsa, dulani ndi kamzere koimirira, kuti wolembanso aone msanga.

Tsono yesani kukonza ziganizo zitatu izi, ndipo pa chilichonse munene mayeso amene mwagwiritsa ntchito: "Mvula ya gwa ku Mayani ndimphepo yambiri." "Tiku funa ku wa ona mawa." "Nkhuku zamayi zinalizitalowa m'khola." Mukatha, sinthanani mapepala ndi mnzanu, ndipo pamene mwasiyana werengani chiganizocho mokweza, pang'onopang'ono, muone ngati liwu lina lingalowe pa mpata umene mukutsutsanawo.