Malangizo: Nambala ya R0 ndi Katemera wa Chikuku

R0 ndi nambala yosonyeza anthu amene wodwala mmodzi amawapatsira matenda, pa avereji, m'dera limene aliyense angathe kudwala chifukwa palibe amene anabayitsa katemera kapena kudwalapo kale. Ikaposa 1, matenda amafalikira. Ikachepera 1, mliri umazilala.

Chikuku chimayenda mumpweya, ndipo R0 yake imakhala pakati pa 12 ndi 18. Titenge 15. Mwana wotsokomola m'kalasi angapatsire anzake 15. Kuti matendawa asapitirire, ayenera kupatsira mmodzi yekha kapena osapatsira aliyense, choncho 14 mwa 15 aja akhale otetezedwa. Masamu ake ndi 1 − 1/R0, kutanthauza anthu 93 pa 100 alionse.

Komatu si aliyense wobayidwa amene amatetezeka. Katemera wa chikuku akaperekedwa kawiri amateteza pafupifupi 97 pa 100. Tikagawa 93 ndi 0.97 timapeza 96, n'chifukwa chake azaumoyo amafuna kuti ana osachepera 95 pa 100 abayidwe kawiri.

Masamuwa amaganiza kuti anthu amasakanikirana mofanana. Mudzi umodzi wotsalira ungabutse mliri ngakhale boma lonse litafika pa 95. Makolo, onani m'buku la kusikelo ngati mwana analandira katemera wachiwiri.