Zithunzi za Paulendo Wokagulitsa Fodya: Mafunso ndi Mayankho

Ife a komiti ya kalabu talemba kabukuka chifukwa alimi ambiri akudandaula kuti zithunzi zomwe amatumiza m'magulu a WhatsApp zikhoza kulondolera akuba kwawo.

Kodi chithunzi chimodzi chingaulule mudzi wanga?

Kawirikawiri ayi. Chigafa, chulu ndi munda wa fodya n'zofanana ku Santhe, ku Chamama ngakhale ku Chulu.

Nanga zikakhala zingapo za ulendo umodzi?

Apa m'pamene pagona nkhani. Tiyerekeze kuti mlimi watumiza zithunzi zinayi mu Juni. Choyamba akukweza mabelo pakhomo, nthawi ili 6:10 m'mawa. Chachiwiri wajambula ali m'lole 6:40, pa msewu wa tala, chikwangwani cha Chatoloma chikuoneka. Chachitatu phiri la Kasungu lili kutsogolo. Chachinayi ali pamzere ku msika wa fodya wa Chinkhoma.

Wofufuza amayamba ndi zomwe akuzidziwa n'kubwerera m'mbuyo. Chinkhoma ili kumwera kwa boma la Kasungu, Chatoloma kumpoto, choncho msewuwo ndi M1. Pachithunzi chachiwiri dzuwa la m'mawa likulowera ku windo la kumanzere, kusonyeza kuti lole ikulowera kumwera. Tsono amawerengera nthawi. Pakati pa zithunzi ziwiri zoyambazo papita mphindi 30, ndipo lole yodzaza mabelo ikamayenda makilomita 20 pa ola mu msewu wafumbi, singapyole makilomita 10. Mudzi uja watsekeredwa m'dera lozungulira Chatoloma. Akatero amabwereranso ku chithunzi choyamba, kufunafuna mjigo, tchalitchi kapena mawaya a magetsi, n'kuyerekeza ndi Google Maps.

Ndiye kuti apezadi nyumba yanga?

Sitinganene motsimikiza. Nthawi imangouza wofufuza malire a mtunda. Ngati munaima panjira kukweza mabelo a mnzanu, mudzi wanu uli pafupi kuposa momwe akuganizira. Komanso ola lomwe chithunzi chatumizidwa silifanana nthawi zonse ndi lomwe chinajambulidwa. Komabe munthu wodziwa deralo akhoza kumaliza zotsalazo pongofunsa pa golosale.

Ndinazimitsa Location. Kodi akhoza kundipezabe?

Akhoza. Kuzimitsako kumaletsa foni kulemba malo mkati mwa chithunzi, koma sikufufuta phiri kapena chikwangwani. Chenjeraninso ndi kutumiza chithunzi ngati Document, chifukwa chimapita ndi zonse zomwe foni inalembamo, ndipo dzina ngati IMG_20240612_061012 limaulula tsiku ndi ola.

Kodi tisiye kujambula?

Ayi. Zithunzi za mabelo zingathandize katundu akasowa panjira, choncho zisungeni m'foni. Pogawira anzanu, chotsanipo cha pakhomo, ndipo zinazo tumizani patapita masiku. Mukaona munthu wachilendo akufunsa za mudzi wanu atagwira chithunzi chanu, dziwitsani amfumu ndi apolisi msanga.