Dilipi ya shuga ya 10 peresenti ikatha, timaipanga bwanji?

FUNSO: Adokotala, ndine wophunzira unamwino ndipo pano ndili ku wodi ya ana. Dilipi ya shuga ya 10 peresenti itatha, asisitala anati tiipange posakaniza ya 50 peresenti ndi ya 5 peresenti. Ine nditaphatikiza 50 ndi 5 n'kugawa pawiri ndinapeza 27.5. Nanga 10 akuchokera kuti? Ndinachita manyazi kufunsa pamaso pa odikirira odwala.

Wophunzira unamwino, Zomba

YANKHO: Mwachita bwino kufunsa, chifukwa shuga wa 27.5 peresenti akalowa mu kamtsempha ka padzanja la khanda amakawononga, ndipo akatayikira m'mnofu amasiya chilonda. Kwa makanda sitipyola 12.5 peresenti pa mtsempha wotere.

Masamu anuwo angakhale olondola mutathira madzi awiriwo mofanana, mamililita 50 uku ndi 50 uku. Koma milingo ikasiyana, madzi amene achuluka ndi amene amakokera yankho kumbali yawo. Choncho siyani kaye mapelesentiwo, muwerenge shuga weniweniyo. Botolo likalembedwa 50 peresenti, ndiye kuti m'mamililita 100 aliwonse muli magalamu 50 a shuga. Likalembedwa 5 peresenti, muli magalamu 5 okha.

Tiyeni titape mamililita 10 a 50 peresenti. Mmenemo muli magalamu 5. Titapenso mamililita 80 a 5 peresenti, mmene muli magalamu 4. Tikasakaniza, shuga yense ndi magalamu 9 ndipo madzi onse ndi mamililita 90. Magalamu 9 m'mamililita 90 n'chimodzimodzi magalamu 10 m'mamililita 100. Ameneyo ndiye 10 wanu uja. Mwachidule timalemba chonchi:

(10 × 50 + 80 × 5) ÷ (10 + 80) = 900 ÷ 90 = 10

Mphamvu iliyonse mumaichulukitsa ndi mlingo wa madzi ake, n'kuphatikiza, kenako n'kugawa ndi madzi onse pamodzi.

Mwina mukufunsa kuti 10 ndi 80 ndinawadziwa bwanji. Onani mtunda wochoka pa mphamvu iliyonse kufika pa imene mukuifuna. Kuchoka pa 50 kufika pa 10 pali 40, ndipo kuchoka pa 5 kufika pa 10 pali 5. Tsono manambalawa mumawasinthanitsa: 40 ndi magawo a madzi ofookawo, 5 ndi magawo a amphamvuwo. Amphamvu ali kutali kwambiri ndi 10, n'chifukwa chake amafunika pang'ono. Mukachepetsa 40 ndi 5 mupeza magawo 8 a 5 peresenti pa gawo limodzi la 50 peresenti. Anamwino ambiri amaloweza kuti gawo limodzi pa magawo 9 poti n'kosavuta kuyeza: mamililita 10 ndi 90. Zimenezi zimapereka 9.5 peresenti, ndipo ali pafupi mokwanira kwa mwana amene shuga wamutsika. Madzi a jekeseni opanda kanthu nawo amalowa m'masamu omwewa, kungoti mphamvu yawo ndi 0. Gawo limodzi la 50 peresenti pa magawo 4 a madziwa limapereka 50 ÷ 5, amene ndi 10 ndendende.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa thumba lathunthu. Muli ndi thumba la mamililita 500 la 5 peresenti, mwabayiramo mamililita 50 a 50 peresenti osachotsamo kanthu. Shuga ndi magalamu 25 kuphatikiza 25, koma madzi tsopano afika mamililita 550, ndiye mphamvu ndi 9.1 peresenti. Munthu akagawa ndi 500 amaganiza kuti wapeza 10, chikhalirecho waiwala madzi amene wawonjezera. Kuti zikwane, yambani mwatapamo mamililita 55 n'kutaya, kenako mubwezeremo mamililita 55 a 50 peresenti.

Musanampatse mwana, liyeseni yankho lanu. Liyenera kugwera pakati pa 5 ndi 50, komanso kufupi ndi madzi amene achuluka. Ngati mwathira ofooka ambiri koma yankho latuluka 45, mwatembenuza magawo. Maso sangakuthandizeni apa, pakuti 10 peresenti ndi 45 peresenti zonse ndi madzi oyera mbee. Ndiye chonde lembani masamuwo papepala, namwino woyenerera awaone ndi kuyang'ananso zolembedwa pa mabotolo. Mukasakaniza, tembenuzani thumba kangapo chifukwa 50 peresenti ndi wolemera ndipo amakhazikika pansi, kenako mulembepo mphamvu yake, tsiku, nthawi ndi dzina la wosakaniza. Poti mudakali pa maphunziro, musasakanize nokha, ndipo mlingo wompatsa mwana utsatire zimene dokotala walemba malinga ndi kulemera kwake.