Kudula Mawu a Munthu Popanda Kuwavulaza: Kalata kwa Wophunzira Ntchito ya pa Wailesi

Mphwanga wokondedwa,

Dzulo madzulo, anthu onse ataweruka ndipo chiperoni chitaphimba phiri mpaka m'munsi, ndinakhala ndekha kumvetsera kachigawo kaja unadula m'mawu a mayi wa kufupi ndi Muloza, amene anatisimbira za usiku umene namondwe wa Freddy anagwa m'boma lathu lino la Mulanje m'mwezi wa Malichi 2023. Ndipo ngakhale unasankha bwino malo okoma m'nkhani yawo, ndapeza mabala atatu amene ndifuna tiwaone pamodzi tisanaulutse.

Ife tinaphunzira ntchitoyi pa tepi, lezala m'dzanja, pamene sekondi imodzi ya mawu inali kachidutswa kotalika masentimita 19, ndipo wodula molakwa ankagwada pansi kufunafuna chimene wataya. Iwe uli ndi Audacity, ndipo Ctrl+Z akubwezera chimene wachotsa. Komabe usanakhudze kanthu, sunga padera mawu onse monga anajambulidwira, mphindi 4 ndi masekondi 10 aja, nugwire ntchito pa kope lake, pakuti madzi akatayika saoleka. Kenaka vala mahedifoni, umvetsere zonse kuyambira poyamba kufikira pomaliza manja ali pachifuwa, nulembe pa pepala mawu oyamba ndi mawu otsiriza a chigawo chimene ufuna. Ife tifuna masekondi 40, ndipo m'masekondi otere mumalowa ganizo limodzi lokha; la mayiwa ndilo lakuti madzi anawamva ndi makutu asanawaone ndi maso.

Mayiwa anati: "Madzi anabwera usiku, eee, tonse tili m'tulo. Akuti kumtunda kunagumuka phiri, koma ife sitinaone, tinangomva mkokomo ngati galimoto zambiri." Tsono tamvera pamene unayambira mawu akuti "sitinaone". Pofuna kuchotsa kachifuwa kamene anatsokomola atanena kuti "koma ife", unadula molowerera, ndipo "si" uja wadyeka, kotero kuti khutu likumva "tinaone". Chifukwa chake nchakuti unadula ndi maso. Pa kompyuta mawu amaoneka ngati mapiri ndi zigwa, koma chimene chimatukuka ngati phiri ndi mavawelo, pamene s, f, ndi m kapena n woyamba m'mawu onga "mvula", "mkokomo" ndi "ndinathawa" amaoneka ngati kaudzu kochepa patsinde pa phirilo, ndipo wosadziwa amakayesa phokoso wamba. M'chinenero chathu kaudzu kameneka ndiko kamasenza kukana konse, popeza "sindinapite" ndi "ndinapita" asiyana kwambiri ndi kaphokoso koyambako. Ukakachotsa wamsandutsa wokana kukhala wovomera. Choncho kuza chithunzicho ndi Ctrl+1 kufikira uone pamene kaudzuko kayambira, nuike mpeni wako kumbuyo kwake, osati patsinde pa phiri.

Ndipo kumbuyo kwa kaudzuko kuli chinthu china chimene ophunzira onse amachida, ndicho mpweya. Munthu asanayambe chiganizo amakoka mpweya, ndipo womvera, ngakhale sazindikira, amapuma naye pamodzi. Ukachotsa mpweya wonse, mayi wachikulire amalankhula mothamanga ngati wothawa moto, ndipo womvera amatopa osadziwa chomtopetsa. Lamulo langa ndi ili: polumikiza zigawo ziwiri, dula chigawo choyamba pamene mawu otsiriza azimirira, nuyambe chachiwiri ndi mpweya wake womwe, kuti pamfundo pakhale mpweya umodzi, osati iwiri yotsatana kapena theka lake. Mpweya wodulidwa pakati umamveka ngati munthu wabanika, ndipo ndicho chizindikiro choyamba chimene mkonzi wakale amagwirira ntchito ya wophunzira. "Eee" uja ukhoza kumchotsa pamene waima yekha. Koma pamene wamamatira ku mawu apatsogolo, monga achitira kuno kwathu anthu polankhula mosadukiza, msiye, pakuti chipsera chake chidzaipa koposa iye mwini. Kunena zoona, "eee" wa mayiwa ine ndikanamsunga, chifukwa pamenepo ndi pamene mtima wawo unabwerera ku usiku uja.

Bala lachiwiri ndilo londivuta koposa, ndipo si la khutu ayi, koma la chikumbumtima. Unachotsa "akuti" kuti upulumutse theka la sekondi, ndipo tsopano mayiwa akunena okha kuti kumtunda kunagumuka phiri, monga ngati anali pomwepo, pamene iwo anasamala kutiuza kuti izi anangomva kwa ena. Tawaika m'kamwa umboni umene sanapereke, ndipo mawa akadzamva mawu awo pa wailesi ali pakati pa anansi awo, manyazi adzakhala awo, ife tili kutali. Mawu ang'onoang'ono onga "akuti", "mwina", "koma" ndi "ena" usawayese zinyalala. Ngati nthawi yachepa, chotsa chiganizo chathunthu chimene nkhani ikhoza kuima popanda icho, koma usazule msomali m'chiganizo chimene wasunga. Chimodzimodzinso usatenge yankho la funso lina ndi kuliika pansi pa funso linzake, ngakhale zitagwirizana chotani.

Pomaliza pa kachigawoko pali bala lachitatu. Unaimitsa mayiwa pa mawu akuti "tinathawira kusukulu", koma liwu lawo pamenepo likadali m'mwamba, chifukwa anali kupitiriza kunena za ana. Mchewa, Mlomwe kapena Mmang'anja akamatsiriza chiganizo, amakoka pang'ono silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto, liwu nilitsika. Akamangopuma pakati pa nkhani, liwu limatsala lolendewera, ndipo womvera amadikira zotsala zimene sizibwera. Pita patsogolo masekondi asanu, pamene anati "ana onse tinawapeza mmawa", umve mmene liwu lakhalira pansi. Pamenepo ndiye pakhomo potulukira. Ukatero usatseke mwadzidzidzi, koma siya theka la sekondi la phokoso la pamalopo, nulizimiritse pang'onopang'ono.

Phokoso la pamalo limeneli lifunika mawu owerengeka. Kumbuyo kwa mayiwa kukumveka mtsinje wa Ruo, ndipo nthawi ina njinga yamoto ya kabaza inadutsa pamsewu wa ku Limbuli. Mtsinje suvuta, popeza mkokomo wake susintha. Koma pamene unadula pakati pa kulira kwa njingayo, iyo yazimirira ngati yamezedwa ndi nthaka, ndipo aliyense adziwa kuti apa padutsa mpeni. Sunthira mpeni pamene njingayo isanafike kapena itapita. Ukafuna kuika kampata pakati pa ziganizo, usagwiritse Ctrl+L, amene amaika chete weniweni wonga wa m'manda, koma tapa pang'ono pa masekondi 30 aja ndinakuuza kuti ujambule aliyense ali duu tisanachoke. Ntchito yake ndi imeneyi.

Tsono usanachotse chigawo chilichonse, chisankhe, nukanikize Z, kuti m'mphepete mwake mugwere pamene funde la mawu likudutsa pamzere wapakati, chifukwa kudula funde lili pamwamba ndiko kumabala kaphokoso kaja kakuti "tha". Kanikizanso C, umve mmene mfundoyo idzamvekere chigawocho chitachoka, ndipo pokhapokha khutu litavomera ndi pamene uchotse. Ukamaliza zonse, sunga ngati WAV, utembenukire kumbali osayang'ana kompyuta, numvetsere; kenaka umvetserenso pa kafoni kotsika mtengo, pakuti otimvera ambiri m'minda ya tiyi alibe mahedifoni onga athu. Ngati ungathe kuloza pamene pali mfundo maso ali kumbali, ntchito sinathe.

Yambiranso pa kope latsopano, ubwezere "akuti" ndi "si" pamalo pawo, ndipo ubwere nako kachigawoko Lachinayi mmawa tidzamvetsere tili awiri.

Ndine mkulu wako pa ntchito.