Mphaka Akaponda Kiyibodi, Musangofufuta Zimene Mukuona

Msungichuma wina wa banki mkhonde ankalemba ndalama za gulu lake pakompyuta, mu Excel. Madzulo ena anadzuka kukaphula ndiwo pamoto, n'kusiya kaundula ali wotsegula. Pobwera anapeza mphaka wake akutsika patebulo, ndipo m'kabokosi kena komwe kanali kopanda kanthu munali mutalembedwa izi: `ikollllllllllerdf`. Anaseka, anafufuta zilembozo, anasunga kaundula n'kuzimitsa kompyuta.

Tsiku logawana ndalama litafika, masamu anakana kugwirizana. M'thumba munali ndalama zonse, koma kaundula ankaonetsa kuti mayi wina anasonkha K8,956 pomwe iye ankati anapereka K85,000. Kusiyana kwake kunali K76,044. Anthu anayamba kuyang'anana ndi diso loipa, ndipo msungichumayo, yemwe sanatengepo ngakhale tambala, anamva mawu amene sanawaiwale msanga. Anapulumukira kabuku kolemba pamanja ka mlembi wa gulu.

Ine chimandipweteka pankhaniyi n'chakuti mphakayo anasiya umboni wonse poyera, kungoti mwiniwake sanadziwe kuuwerenga.

Munthu akamalemba amatsitsa chala chimodzi pabatani limodzi, n'kuchichotsa pakangodutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Zala zake zimadumpha uku ndi uku, manja awiri akusinthana, chifukwa akutsatira mawu. M'Chichewa izi zimaoneka bwino kwambiri, poti mawu athu amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo ngakhale pamene makonsonanti aunjikana, monga mu nkhwangwa, vawelo sichedwa kubwera. Munthu akalakwitsa, cholakwa chake chimakhala chaching'ono: wasinthanitsa zilembo ziwiri, wadumpha chimodzi, kapena wagunda batani loyandikana ndi lomwe amafuna. Mawu amazindikirikabe.

Phazi la mphaka silingachite zimenezi. Pakiyibodi wamba, kuchokera pakati pa batani limodzi kufika pakati pa linzake pali mamilimita 19, pomwe phazi la mphaka wamkulu limatambalala masentimita atatu kapena anayi. Choncho likatsika limapanikiza mabatani awiri, atatu kapena anayi nthawi imodzi, ndipo onsewo amakhala oyandikana, ena mumzere wapamwamba ena wam'munsi. Tayang'anani kiyibodi yanu. I ndi O ali pamwamba pa K ndi L. E ndi R ali pamwamba pa D ndi F. Zilembo za msungichuma uja sizinali zachisawawa: `ikol` linali phazi limodzi, `erdf` linali phazi lina, kumanzere kwa loyambalo.

Nanga mndandanda wa l uja unachokera kuti? Batani limafuna mphamvu yochepa kwambiri kuti litsike, yofanana ndi kulemera kwa magalamu 50 kapena 60, pomwe mphaka amalemera makilogalamu anayi kapena kuyandikira pamenepo. Akaima kuti anunkhize chinachake, batani limakhala pansi. Kompyuta ikaona batani lapanikizidwa kwa theka la sekondi imayamba kubwereza chilembocho, mwina mpaka ka 30 pa sekondi, ndipo imabwereza chokhacho chimene chinatsika pomaliza. Munthu wolemba mawu amabwereza chilembo kawiri, mwina katatu. Sabwereza kakhumi pokhapokha atachita dala.

Apa ndiye pagona nkhani. Ngati `ikol` inayamba ndipo `erdf` inatsatira, ndiye kuti mphakayo ankachokera kumanja kupita kumanzere. Ndipo asanafike pa zilembo, kumanja kwa kiyibodi yaikulu ya patebulo kuli zigawo ziwiri zomwe anayenera kudutsa: mabatani a manambala kumapeto kwenikweni, kenako mabatani a mivi pamodzi ndi `Delete`, `End` ndi anzawo. Pa mabatani a manambala, 8 ndi 9 ali pamwamba pa 5 ndi 6. Phazi loyamba linatera pamenepo n'kulemba 8956 m'kabokosi komwe kanali kosankhidwa, ndipo mu Excel ukayamba kulemba pakabokosi kosankhidwa, zomwe zinalimo zimachoka popanda funso. Phazi lachiwiri linaponda muvi woloza kumanja. Muviwo unatsimikiza nambala yatsopanoyo n'kusamutsa malo olembera kupita kukabokosi kopanda kanthu. Kumeneko n'kumene kunagwera zilembo zoseketsa zija, zomwe zinakopa diso la msungichumayo kuti lisayang'ane kumbuyo.

Zilembo zosokonekera zimadziulula zokha. Manambala sadziulula, chifukwa 8956 ikuoneka ngati nambala ina iliyonse. Mabatani osalemba kanthu, monga mivi, `Delete`, `Tab` ndi `Enter`, ndiwo oopsa koposa, poti ntchito yawo imachitika osasiya chilembo pasikirini. `Enter` akhoza kutumiza uthenga womwe simunamalize kapena kuvomera funso lomwe kompyuta inafunsa inu kulibe.

Msungichumayu akanakanikiza `Esc` kuti achotse zilembo zomwe zinali zisanatsimikizidwe, kenako `Ctrl+Z` pang'onopang'ono akuyang'ana chimene chikubwerera, akanaona 85000 ikutulukiranso m'malo mwake. Pobwerera chonchi munthu amaima akafika pa chinthu chomaliza chimene akukumbukira kuti anachita yekha. Koma iye anasunga n'kutseka, ndipo kaundula akatsekedwa, Excel imaiwala njira yobwerera ija.

Kusiyana kwa zala ndi mapazi n'koonekeratu moti kompyuta ikhoza kukuzindikira. Chris Niswander wa ku Tucson, m'dera la Arizona ku America, anapanga pulogalamu yotchedwa PawSense yomwe imayang'ana mabatani amene atsika pamodzi ndi nthawi yomwe atsikira. Ikaona kuti si zala za munthu imatseka kiyibodi, n'kulemba pasikirini kuti `CAT-LIKE TYPING DETECTED`, ndipo imaliza phokoso losasangalatsa mphaka. Mwiniwake amaitsegula polemba `human`. M'chaka cha 2000 Niswander analandira nayo mphoto ya Ig Nobel, yomwe imaperekedwa pa ntchito zomwe zimayamba zaseketsa anthu kenako n'kuwaganizitsa.

Komabe zizindikirozi zili ndi malire. Zimangokuuzani kuti chinthu chotambalala chinapanikiza mabatani, sizitchula kuti ndi mphaka. Chikhatho cha mwana, chigongono cha munthu wosinza kapena buku loikidwa pakiyibodi zimasiya zofanana. Buku limasiya mndandanda umodzi wautali, mwana amamenya malo amodzimodzi mobwerezabwereza, pomwe mphaka woyenda amasiya timagulu totsatizana tolowera mbali imodzi. Batani lomatirira chifukwa cha fumbi kapena tiyi wotayika limabwereza chilembo chimodzi chokha, popanda anzake oyandikana nalo. Komanso makiyibodi ambiri otchipa sawerenga mabatani onse akatsika ambiri pamodzi, motero phazi lomwe linaponda anayi likhoza kuonetsa awiri okha. Zomwe mukuona pasikirini zikhoza kuchepa poyerekeza ndi zomwe zinapondedwa.

Inu amene mumasunga ndalama za anzanu, malikisi a ana asukulu kapena kaundula wa katundu, mukapeza zilembo zoyandikana zitaunjikana, funsani kuti woponda anachokera mbali iti ndipo anadutsa mabatani ati asanafike pamenepo. Musasunge kaundula musanayankhe funsoli. Ndipo musanachoke pampando, ngakhale mukungopita kukaphula mphika, kanikizani `Windows+L` kuti kompyuta itsekeke.